Kalata yonenerera mtengo wa zipinda za msonkhano

Amene wapatsidwa ntchito yokonza malo ogona nthumwi zambiri amathamangira kulembera kampani yoona za maulendo kuti, “Titsitsireniko mtengo.” Kalata yotere imayankhidwa mwaulemu, koma mtengo susuntha, chifukwa kampaniyo ilibe choti ikaonetse kuhotela. Ahotela sawerenga anthu. Amawerenga zipinda ndi masiku ogona.

Tiyerekeze kuti msonkhano uli ku Mangochi, nthumwi ndi 120, zigona masiku atatu. Anthu 40 agona payekhapayekha, 80 otsalawo awiriawiri. Zipinda zakwana 80, ndipo pa masiku atatuwo zilipiridwa ka 240. Nambala imeneyi ikhale m'ndime yoyamba, limodzi ndi tsiku lofika ndi lonyamuka. Kenako tchulani mtengo wanu osachita manyazi. Ngati chipinda ndi K150,000 inu n'kupempha K125,000, mwapulumutsa K6 miliyoni. Funsaninso kuti alembe poyera ngati mtengowo waphatikiza chakudya cham'mawa, msonkho wa VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, poti mtengo wooneka wotsika nthawi zambiri umakhala wopanda zimenezi.

Koma pamene ndalama zimathera kwenikweni ndi pa zipinda zosagonedwa. Palibe msonkhano umene onse oitanidwa amafika. Wina wagwa maliro, wina ofesi yake sinatulutse ndalama ya ulendo, wina waganiza zokagona kwa achibale. Zipinda 20 zikatsala zopanda anthu masiku onse atatu, ndipo pangano likuti mulipire zonse, mwataya K7.5 miliyoni, kuposa zonse zimene munanenerera zija. Apa m'pamene ine ndimaona kuti kalata iyenera kuchedwapo. Pemphani tsiku lomaliza lobwezera zipinda popanda chindapusa, mwina patatsala masiku 30, ndipo lilembedwe ngati deti lenileni, osati “nthawi ikayandikira”. Pemphaninso kuti ngakhale tsikulo litadutsa, muloledwe kuchotsa chipinda chimodzi pa khumi zilizonse. Yankho likabwera lili ndi mtengo wokoma koma osanenapo kanthu pa mfundo ziwirizi, dziwani kuti chipinda chilichonse chili pamutu panu. Musasayine, lemberaninso.

Za dipoziti nenani mwachidule: ndi zingati, zilipiridwa liti, zibwezedwa bwanji msonkhano ukalephereka. Onjezerani mzere umodzi woti mtengo wamangidwa m'makwacha mpaka tsiku lonyamuka. Amene anali ndi mapangano a m'madola mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene bilu imatupira usiku umodzi.

Nanunso perekanipo kanthu. Ngati mungathe kusuntha msonkhano kuti ugwe pakati pa sabata, kutali ndi Khirisimasi kapena Pasaka pamene kunyanja kumadzaza, lembani zimenezo, chifukwa masiku amenewo ahotela amafuna alendo. Pomaliza ikani tsiku loti akhale atayankha, ndi dzina la munthu mmodzi yekha amene azilankhula nawo.