Mankhwala Alowe M'matabwa Mmisiri Asanakhome Msomali

Chiswe chimadya thabwa kuyambira m'kati, n'kusiya khungu lopyapyala lapanja lili bwinobwino. Mwini nyumba amadzazindikira poona tinjira ta dothi pakhoma, kapena akagogoda felemu n'kumva kuti m'kati mwatsala mphako. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi ofewa, ndipo chiswe sichiwachedwera.

Choyamba, thabwa liume. Laliwisi silimwa mankhwala chifukwa m'kati mwake mwadzaza kale madzi. Sanjani matabwa pamthunzi, pamwamba pa njerwa, n'kuika timitengo pakati pa mizere kuti mphepo izidutsa.

Akauma, mmisiri adule, apale ndi kuboola zonse asanapake. Kudula pambuyo kumatsegula mtima wa thabwa umene mankhwala sanafikeko, chifukwa burashi imangolowetsa mankhwala pang'ono chabe. Pakani Solignum kawiri mbali zonse zinayi, kachiwiri koyamba katalowa. Oilo wakuda wa galimoto amene ambiri amapaka amangotchinga madzi, koma pa chiswe ngosadalirika.

Felemu ya chitseko imayamba kuola kumiyendo, pamene imakhudza simenti yonyowa, chifukwa nsonga ya thabwa imayamwa madzi msanga kuposa mbali zake. Imikani miyendoyo m'chitini cha mankhwala usiku wonse kuti imwe yokha. Msana wa felemu, womwe udzagunda njerwa, upakidwe kwambiri, poti akaumangira simudzaufikanso. Chimodzimodzi thabwa logona pamwamba pa khoma: lipakeni, kenako yalani pepala lapulasitiki pansi pake.

Popaka valani magolovesi, ndipo gwirirani ntchitoyi panja.