Mapasiwedi opanda mchere: zomwe zinaonekera LinkedIn

Mu Juni 2012, mbava za pa intaneti zinaulutsa mapasiwedi pafupifupi 6.5 miliyoni a anthu a pa LinkedIn, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti maakaunti obedwawo anaposa 100 miliyoni. Kampaniyo sinkasunga mapasiwedi monga eni ake ankawalembera. Inkawasandutsa kaye hashi, mndandanda wa zilembo ndi manambala wosatheka kuubweza, pogwiritsa ntchito njira ya SHA-1. Komabe ambiri anatulukiridwa m'masiku ochepa.

Mbava sizibweza hashi, zimangoyesa. Zimatenga mawu omwe anthu amakonda, n'kuwasandutsa hashi, kenako n'kufananiza ndi zobedwazo. Pa SHA-1, pasiwedi ya 123456 nthawi zonse imatulutsa hashi yoyamba ndi 7c4a8d09, choncho kuyesa kamodzi kokha kunavundukula aliyense wa pa LinkedIn amene anaisankha.

Ntchitoyi ikhoza kuchitidwiratu kuba kusanachitike. Mu 2003, Philippe Oechslin anafotokoza za matebulo a utawaleza. Mahashi ankhaninkhani amawerengedweratu m'mizere yolumikizana, koma zosungidwa ndi chiyambi ndi mapeto a mzere uliwonse basi, kuti zisadye malo ambiri. Tebulo limodzi limathyola nkhokwe iliyonse yopanda mchere yomwe inagwiritsa ntchito njira yomweyo.

Mcherewo ndi zilembo zachisawawa, kawirikawiri mabayiti 16, zomwe kompyuta imaphatikiza ku pasiwedi isanapange hashi. Munthu aliyense amapatsidwa wakewake, motero anthu awiri a 123456 amakhala ndi mahashi osiyana. Mchere sabisa, umasungidwa pambali pa hashi, koma tebulo lokonzeratu limatha ntchito ndipo mbava zimayenera kulimbana ndi akaunti iliyonse payokha. Robert Morris ndi Ken Thompson anali atalemba kale za njirayi mu 1979, koma LinkedIn inali isanaitsatire.

Mchere wokha sukwanira, chifukwa khadi imodzi ya zithunzi za pakompyuta imayesa mahashi a SHA-1 mabiliyoni pa sekondi. N'chifukwa chake akatswiri amasankha bcrypt kapena Argon2id, njira zochedwa dala. Mwini akaunti saona kuchedwako, koma woyesa mawu mamiliyoni amachedwa kwambiri.

Tsabola ndi chinsinsi chimodzi cha kampani yonse, chosungidwa kunja kwa nkhokwe ya mapasiwedi. Woba nkhokwe yokha sangatsimikize ngati walondola. Vuto n'lakuti tsabolayo akatayika, anthu onse amayenera kusankha mapasiwedi atsopano, ndipo akabedwa limodzi ndi nkhokwe sathandizanso.

Chizindikiro china mungachione nokha. Mukanena kuti mwaiwala pasiwedi, kampani n'kukutumizirani yakale ija, dziwani kuti siisandutsa hashi n'komwe. Poti simungadziwe momwe ena onse amasungira, akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, yaitali, kuti kubedwa kwa imodzi kusatsegule imelo ndi banki yanu.