Zinenelo zisanu za cikondi: pamene mfundoyi ipelewela

Mu 1992, Gary Chapman, m'busa wa mpingo wa Baptist ku Amelika, anatulutsa buku lokamba za zinenelo zisanu za cikondi: mau oyamikila, kupatula nthawi yoceza, mphatso, kuthandizana nchito, ndi kukhudzana. Anati munthu aliyense ali ndi cinenelo cimodzi cacikulu. Mfundoyi inafala cifukwa ndi yosavuta kukumbukila, ndiponso siimba munthu mlandu. Mwamuna amene amakonza denga koma saceza ndi mkazi wake si wouma mtima, akungokamba cinenelo cina.

Mu 2024, Emily Impett, katswili wa zamaganizo ku yunivesite ya Toronto, ndi anzake awili anapenda zimene ofufuza apeza. Mafunso a Chapman amakakamiza munthu kusankha cimodzi pa ziwili, mwacitsanzo mphatso kapena kukumbatilidwa. Koma anthu akafunsidwa za ciliconse pacokha, ambili amati afuna zonse zisanu. Ndiponso palibe umboni wolimba wakuti okwatilana a cinenelo cofanana amasangalala kuposa ena.

Cimene cindidetsa nkhawa n'cakuti mfundoyi ingasanduke pobisalila. Mwamuna uja angati, "Cinenelo canga ndi nchito," n'kukwelanso padenga. Koma mkazi wake, amene anafedwa amayi ake mwezi watha, akufuna munthu wokhala naye pansi n'kumumvetsela.