Mankhwala amene mwamwa m'mawa, atsala angati m'magazi?

Pakapepala ka mankhwala alemba kuti mumwe kamodzi pa maola 8 alionse. Mwamwa m'mawa, masana mwamwanso, koma a m'mawa aja sanathe m'thupi. Nanga bwanji saunjikana mpaka kukhala chiphe? Yankho lake lili m'samu imodzi imene madokotala ndi akatswiri a mankhwala amadalira. Mmodzi mwa amene anaika maziko ake ndi Torsten Teorell wa ku Sweden, mu 1937.

Thupi limataya mankhwala kudzera m'chiwindi, chimene chimawaphwanya, ndi mu impso, zimene zimawatulutsira mu mkodzo. Pa mankhwala ambiri, thupi silichotsa muyezo wofanana ola lililonse. Akachuluka limachotsa ambiri, akachepa limachotsa ochepa, monga chidebe chobooka pansi: chikadzaza madzi amatuluka mwamphamvu, akatsala pang'ono amangodontha. Masamu ake amalembedwa motere:

```
dC/dt = -kC
```

Apa C ndi kuchuluka kwa mankhwala m'magazi, t ndi nthawi, ndipo k ndi nambala yosonyeza changu cha chiwindi ndi impso. Mzerewu ukungonena kuti liwiro limene mankhwala akutsikira limayenderana ndi amene alipo. Chotsatira chake n'chakuti mankhwala amatenga nthawi yofanana kuti atsike ndi theka, kaya ayambira pamwamba kapena pansi. Nthawi yotsikira thekayi imapezeka pogawa 0.693 ndi k.

Tiyerekeze mankhwala amene amatsika ndi theka pa maola 8, ndipo wodwala akulandira mamiligalamu 100 pa maola 8 alionse. Akalandira koyamba, m'thupi muli 100. Nthawi yolandiranso ikamakwana mwatsala 50, ndipo kuonjezera 100 kukufikitsa pa 150. Theka la 150 ndi 75, choncho ulendo wachitatu afika pa 175, wachinayi pa 187.5. Taonani kuti kukwerako kukunka kuchepa: 50, kenako 25, kenako 12.5. Mapeto ake muyezo umangosewera pakati pa 200 atangolandira ndi 100 asanalandirenso, chifukwa amene thupi likutaya pa maola 8 afanana ndi amene akulowa. Denga limenelo lili ndi samu yake:

```
denga = D / (1 - r)
```

D ndi muyezo wa ulendo umodzi, r ndi gawo limene limatsala nthawi yolandiranso ikakwana. Kwa wodwala wathuyu r ndi 0.5, ndiye 100 kugawa ndi 0.5 ndi 200.

Kuti munthu ayandikire dengali pamafunika kuti nthawi yotsikira theka idutse kanayi kapena kasanu. Ichi n'chifukwa chake fenobabitoni, mankhwala a khunyu, sakhazikika msanga. Mwa munthu wamkulu amatenga masiku pafupifupi 4 kuti atsike ndi theka, motero amakhazikika m'magazi patapita milungu iwiri kapena itatu. Amene awasiya patatha masiku atatu ponena kuti sakugwira, wawaweruza asanafike pamphamvu yake.

Tsopano impso za wodwala uja zifooke, nthawi yotsikira theka ikhale maola 16. Pa maola 8 thupi likutaya ochepa, ndipo r wakwera kufika pa 0.71. Denga lasuntha kuchoka pa 200 kufika pafupifupi 340, pamene munthuyo sanaonjezere m'bulu ngakhale umodzi. Apa mpamene dokotala amachepetsa muyezo kapena kutalikitsa nthawi kwa okalamba ndi odwala impso. Pa mankhwala ena amatenga magazi nthawi yolandiranso itatsala pang'ono, kuti aone ngati otsalira akwera kuposa mmene samu inanenera.

Samuyi imaonetsanso vuto la kudumpha. Wodwala wa impso zabwino uja akaiwala ulendo umodzi, muyezo umatsika kufika pa 50, ndipo mwina pamenepo mankhwala sakugwiranso ntchito. Akati abweze pomwa awiri nthawi imodzi, akwera kufika pa 250, kupitirira denga lija.

Komatu samuyi ili ndi malire. Imatenga thupi ngati chidebe chimodzi, ndiponso imayesa kuti mankhwala alowa m'magazi nthawi yomweyo, pamene m'bulu umayamba wasungunuka kaye m'mimba. Palinso zinthu zimene zimachulukira chiwindi moti sichithanso kuonjezera liwiro. Mowa uli m'gulu limeneli, pamodzi ndi fenitoyini, mankhwala enanso a khunyu. Pa fenitoyini, kuonjezera muyezo pang'ono chabe kungakweze mankhwala m'magazi kwambiri, munthu n'kuyamba kudzandira poyenda.

Choncho mukaona maola 8 pakapepala, dziwani kuti nambalayo inachita kuwerengedwa. Mukaiwala kumwa, funsani kuchipatala musanamwe mibulu iwiri nthawi imodzi.