Magazi Amaoneka Oyera pa Sikani ya Mutu

Wodwala akafa ziwalo mbali imodzi mwadzidzidzi, dokotala amafulumira kupempha sikani ya CT yopanda mankhwala owalitsa mitsempha. Wophunzira udokotala ayambe wafunafuna banga loyera. Magazi amene angotuluka kumene mumtsempha wophulika amawala kuposa ubongo, ndipo amaoneka nthawi yomweyo.

Sitiroko ya mtsempha wotsekeka ndiyo imapusitsa. M'maola oyambirira chithunzi chimatha kuoneka chabwinobwino. Mbali yosowa magazi imada pambuyo pake, ikayamba kutupa. Choncho chithunzi chopanda banga sichitanthauza kuti munthuyo ali bwino.

Samalaninso ndi kashiamu, nayenso amayera, makamaka pakati pa ubongo wa achikulire. Musapereke asipirini musanatsimikize kuti magazi sakutuluka.