6.3: nambala imene inasowetsa tulo a Nabanda

Mayi wa m'nkhani ino tiwatche a Nabanda. Nkhani yawo ndi yopeka, koma manambala amene ali m'menemu ndi omwewo amene madokotala amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

A Nabanda ndi mphunzitsi wa zaka 46. Anapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi monga amachitira, ndipo dokotala anawauza kuti abwerenso mawa lake m'mawa asanadye kuti akatengedwe magazi ku labu. Zotsatira zitatuluka, anangozipinda n'kuziika m'buku lawo la kuchipatala. Anazitsegula madzulo ali kunyumba. Mizere yonse inali bwinobwino kupatula umodzi. Pamene panalembedwa Glucose panali 6.3 mmol/L, pambali pake 3.9 – 6.0, ndipo kumapeto kachilembo ka H. Kachilemboka kamatanthauza kuti nambalayo yapitirira malire amene labuyo inaika.

Mtima unagunda. Mayi awo a Nabanda anadwala shuga zaka zambiri, mpaka maso anachita khungu. Mawa lake anathamangira kwa mnzawo woyandikana naye nyumba, amene ali ndi kamakina koyezera shuga pobaya chala. Kamakinako kanaonetsa 113.

"Achemwali, dzulo 6 lero 113? Ndiye kuti ndatha ine," anatero a Nabanda.

Panalibe chimene chinakwera. Shuga wa m'magazi amayezedwa m'miyezo iwiri: ma labu ena amalemba mmol/L, ena mg/dL, ndipo timakina ta kunyumba nato timasiyana chimodzimodzi. Kuti muchoke pa muyezo woyambawo kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 18. Ndiye 6.3 kuchulukitsa ndi 18 ndi 113. A Nabanda anagona usiku wina ndi mantha chifukwa cha nambala imodzi yolembedwa mwanjira ziwiri. Tizilembo timene timakhala kutsogolo kwa nambala ambirife timatidumpha, komatu nambala yopanda tizilemboto sikuuzani kanthu.

Lachisanu anabwerera kuchipatala. Pamzere panali anthu ambiri, ndipo atalowa anafunsa funso limene aliyense amafunsa.

"A dokotala, ndili ndi shuga?"

"Mwa pepala ili lokha, ayi mayi. Koma ndifunse kaye. Tsiku limene munatengetsa magazi, munali mutadya chiyani?"

"Sindinadye kanthu. Ndinangomwa tiyi basi."

"Wothira shuga?"

"Masipuni awiri, ndi kamkaka pang'ono."

Dokotala anaika cholembera pansi. Kuyeza kumeneku kumafuna kuti munthu akhale maola osachepera 8 osalowetsa kanthu m'kamwa kupatula madzi. Tiyi wa shuga, thobwa, phala, nthochi, ngakhale siwiti, zonsezi zimakweza nambala kwa maola angapo. Malire amene ali papepala aja anaikidwa poganizira munthu amene m'mimba mwake mulibe kanthu, choncho kuyerekeza nawo magazi a munthu amene wamwa tiyi n'kudzinamiza. Pamenepa wolakwa si wodwala yekha. Mawu akuti "mubwere musanadye" ndi osakwanira, ndipo achipatala ambiri amawanena mothamanga, wodwala ali kale pakhomo.

A Nabanda anafunsa ngati pali zinanso zimene zikanasokoneza. Zilipo. Mankhwala a mtundu wa puredinisoloni, amene ena amamwa chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, amakweza shuga. Thupi likakhala kuti likulimbana ndi matenda, monga malungo kapena chibayo, shuga amatha kukwera kwa kanthawi. Palinso cholakwika chimene chimatsitsa nambala: magazi akakhalitsa m'kabotolo asanayezedwe, maselo ake amapitiriza kudya shuga ali momwemo, ndipo zotsatira zimatuluka zotsika kuposa mmene zinalili m'thupi. N'chifukwa chake dokotala wosamala sauza munthu wopanda zizindikiro kuti ali ndi shuga pongoona kuyeza kumodzi. Amabwereza tsiku lina.

Anabwerezadi patapita milungu iwiri. Ulendo uno a Nabanda anadya nsima 7 koloko madzulo, m'mawa anangomwa madzi. Ankayembekezera kuti nambala igwa n'kuiwala zonse. Inatuluka 6.2.

Ndiye kuti tiyi uja sanali nkhani yonse. Apa m'pamene a Nabanda anasintha kafunsidwe. Mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira za unamwino, anawauza pafoni kuti, "Amayi, musakafunsenso kuti muli bwino kapena ayi. Dokotala akakuyankhani mawu amodzi mudzabwera opanda kanthu. Lembani mafunso papepala." Analemba kuchikuto kwa buku lawo lija, ndipo loyamba linali lakuti: malire amenewa anaika ndani, ndipo ine ndili patali bwanji ndi mzere woopsa?

Ndi funso labwino chifukwa malire a papepala la labu si amtundu umodzi. Pa zoyeza zambiri, malirewo amapezeka poyeza gulu la anthu athanzi n'kutenga anthu 95 mwa 100 amene ali pakati. Izi zikutanthauza kuti munthu mmodzi mwa 20 alionse athanzi amagwera kunja kwa malire popanda vuto lililonse. Mukayezedwa zinthu zambiri nthawi imodzi, mwayi woti chimodzi chituluke ndi H kapena L umakhala waukulu ndithu. Ambiri mwa ma H otere, akakhala ongopitirira pang'ono ndipo munthu alibe chomupweteka, amazimiririka akayezedwanso.

Malire a shuga ndi ena. Anaikidwa poona kuti anthu amayamba kuonongeka maso ndi ziwalo zina shuga wawo akafika pati. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu amene sanadye akapezeka ndi 7.0 kapena kupitirira, ameneyo ali ndi matenda a shuga. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 palibe matenda, koma thupi layamba kuvutika kusunga shuga pamalo pake. Madokotala a ku Amereka amayambira chenjezoli pansi, pa 5.6. Choncho munthu wa 5.8 labu ina imulembera H, ina imusiya. Thupi lake n'lomwelo, anthu oika mzere ndi amene sanagwirizane. Zili ngati mtengo woyezera madzi mumtsinje: mzere wofiira unalembedwa ndi anthu, koma madzi amakwera pang'onopang'ono, ndipo chimene mlimi wa m'dimba amafuna kudziwa n'chakuti akukwera kapena akutsika.

Funso lachiwiri la a Nabanda linachokera kwa mphunzitsi mnzawo amene anawauza za kuyeza kwina kotchedwa HbA1c. Kodi sikungathetse mkangano?

Kuyeza kumeneku kumaona kuchuluka kwa shuga amene wamatirira ku maselo ofiira a magazi. Popeza maselowa amakhala pafupifupi masiku 120, zotsatira zake zimaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo sikufuna kuti munthu asale kudya. Kuyambira 6.5 peresenti ndi matenda a shuga. Onani msampha wake: 6.3 ya HbA1c ndi 6.3 ya a Nabanda zimaoneka zofanana papepala, koma zikuyeza zinthu zosiyana.

Dokotala anatsegula buku lija n'kubwerera masamba awiri. "Mayi, mwezi wathawu munadwala malungo, eti? Ndiye tidikire kaye." Malungo amaswa maselo ofiira, thupi n'kupanga atsopano amene sanakhalitse mu shuga, ndipo HbA1c imatha kutuluka yotsika monamiza. Imasokonezekanso mwa munthu woperewera magazi, wa matenda a siko selo, amene wangoikidwa kumene magazi, ndi mayi woyembekezera. Kuno kwathu, kumene malungo ndi kuchepa kwa magazi zili ponseponse, mfundo imeneyi si yaing'ono. Kuyeza kodula sikukhala kolondola kwa aliyense. Pakafunika kutsimikiza pali njira ina yakale: munthu amamwa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga, n'kuyezedwa pakatha maola awiri. Akafika 11.1 ndi matenda, ndipo pakati pa 7.8 ndi 11.0 ndi chenjezo.

Funso lachitatu ndi limene ndimaliona kuti n'lofunika kuposa onse, ndipo ndi limene anthu safunsa: nambala imeneyi ikutanthauza chiyani kwa ineyo, osati kwa munthu wina aliyense? Dokotala anayankha ndi mafunso ake. Kubanja kwanu alipo wa shuga? Mayi anga. Ana anu ankabadwa olemera bwanji? Womaliza anali makilo 4.3, anamwino mpaka anamutcha bwana. Aliyense anasangalala nthawi imeneyo, koma mwana wobadwa wopitirira makilo 4 nthawi zina amakhala chizindikiro chakuti mayi anali ndi shuga wokwera ali ndi pakati, ndipo amayi otere amakhala pachiopsezo chachikulu m'tsogolo. Kenako namwino anawakulunga tepi m'chiuno, pamwamba pa mchombo pang'ono: masentimita 94. Kwa amayi, chenjezo limayambira pa 80. Powonjezera zaka zawo ndi kuthamanga kwa magazi, 6.2 ya a Nabanda inali yolemera kuposa 6.2 ya mnyamata wochepa thupi amene kwawo kulibe wa shuga.

"Ndiye ndiyambe mankhwala?"

"Pakadali pano ayi. Tiyambe ndi mbale komanso miyendo."

Yankholi lili ndi umboni. Kafukufuku wamkulu wa ku Amereka, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu opitirira 3,000 onenepa amene shuga wawo anali pamalire. Gulu lina linathandizidwa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu. M'zaka pafupifupi zitatu, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pamene kwa amene anapatsidwa mankhwala a metifomini chinatsika ndi 31 peresenti. Kunena zoona, anthu amenewo anali ndi alangizi owatsata pafupipafupi, zimene a Nabanda alibe. Komabe muyezo wake ndi wotheka. Kwa munthu wa makilo 80 ngati iwo, 7 peresenti ndi makilo osakwana 6, ndipo mphindi 150 ndi kuyenda mwandawala theka la ola masiku asanu. Anagwirizana zochepetsa shuga wa mu tiyi, kusiya zakumwa zotsekemera za m'botolo, kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuchulutsa masamba ndi nyemba. Nsima sanawaletse. Ngakhale ya mgaiwa, anawachenjeza, imakweza shuga ikachuluka.

Asanatuluke anafunsa lomaliza: ndibwerenso liti, nanga ndi chiyani chingandibweretse tsikulo lisanafike? Dokotala analemba m'buku miyezi isanu ndi umodzi, n'kutchula zinthu zoti asadikire nazo: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda popanda chifukwa, kuona mwachimbuuzi, ndi chilonda chosapola. Kucheza konseku sikunathe mphindi khumi.

Inu amene muli ndi pepala lokhala ndi H kapena L m'chikwama, musalitaye ndipo musapite nalo kwa ogulitsa mankhwala a zitsamba m'basi. Lisungeni pamodzi ndi mapepala akale, lembani pambali zimene munadya ndi mankhwala amene munkamwa tsiku limenelo, ndipo mubwerere nalo kwa amene anakutumizani ku labu.