Katundu akutha, mpamba ukuthanso: kope likanakuuzani kale

"Bizinesi yanga ndi yaing'ono, zonse ndimasunga m'mutu." Mawu amenewa ndawamva pamsika wa pa boma ku Petauke, ndawamva ku Minga, ndawamvanso kwa amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East pa Nyimba, ndipo anditopetsa. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabizinesi, ndipo ndikunenetsa kuti kantemba ndi kamene kamafunika kope kuposa holoselo. Wa holoselo akataya K500 samva kanthu. Inu mukataya K500, shelefu ya shuga yagwa.

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi mayi wina wa kantemba kufupi ndi Nyimba. Anayamba ndi mpamba wa K4,000 atagulitsa nshawa. Makasitomala sanasowe, katundu ankatha, koma ulendo uliwonse wokaoda ankanyamula ndalama zochepa kuposa ulendo wapitawo. Achibale anali atayamba kale kunong'ona za chitaka, ati pali wina akukoka ndalama ndi mankhwala. Tinakhala pansi, ndinati anditchulire aliyense amene anatenga katundu osalipira. Anatchula anthu asanu mosavuta. Mwana wake wamkazi, amene amagulitsa mayiyo akapita kumunda, anawonjezera ena asanu ndi mmodzi amene mayi sankawadziwa n'komwe. Zonse pamodzi zinakwana K1,640. Ndalama sizinapite ndi mfiti, zinali m'nyumba za anansi, zitasanduka sopo, saladi ndi shuga.

Mutu umasunga bwino nkhongole yaikulu. Mphunzitsi akatenga katundu wa K300 kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, simungaiwale. Chimene mutu umataya ndi kapamela ka ufa, machesi, mabanzi awiri a mwana amene wabwera n'kunena kuti "amama akuti mulembe." Mumayankha kuti chabwino, koma mulemba pati? Ndipo kantemba sikagulitsidwa ndi munthu mmodzi. Pali inu, mwana, mlamu amene wagwirizira masana. Aliyense ali ndi mutu wake, ndipo mitu itatu siwerengerana madzulo.

Anthu ambiri sazindikiranso kulemera kwa nkhongole imodzi yosabwezedwa. Tinene kuti paketi ya shuga mwaoda pa K28, mukugulitsa pa K32. Phindu lanu ndi K4. Wina akatenga paketi imodzi n'kusowa, simunataye K4 ayi, mwataya K28 ya mpamba, ndipo muyenera kugulitsa mapaketi ena asanu ndi awiri kuti mungobwerera pamene munali. Kuno kwathu vutoli limakula ndi nyengo. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, aliyense amalonjeza kuti adzalipira akakolola. Akakolola amati dikirani tigulitse thonje, kapena tikuyembekeza ndalama za chimanga ku FRA, zimene sizibwera tsiku lomwe munthu waperekera matumba. Miyezi yonseyo mtengo wa ku holoselo sukudikirani. Ndalama ikadzabwera, sigulanso paketi yomwe munapereka.

Sindikunena kuti musakongoze. Amene amaphunzitsa zimenezo sanagulitsepo pamudzi pomwe kasitomala ndi apongozi. Ndikunena kuti mulembe, ndipo kope la sukulu limodzi ndi lokwanira.

Kutsogolo kwa kope, tsiku lililonse likhale ndi tsamba lake. Ife timati kashibuku, kutanthauza buku la ndalama zimene zalowadi ndi kutulukadi m'kabati. Lembani deti pamwamba, pansi pake ndalama ya chenji imene mwayamba nayo, kenako jambulani mzere pakati: kumanzere zolowa, kumanja zotuluka. Kumbuyo kwa kope, kuyambira tsamba lomaliza, ndiko kwa nkhongole. Iyi ndiyo leja: munthu aliyense theka la tsamba lake, deti, chimene watenga, mtengo, chimene wabweza ndi chotsala. Musalembe nkhongole motsatana ndi masiku, chifukwa tsiku lokangana mudzafufuza masamba makumi awiri munthu ataima pakhomo.

Lamulo limene ndimalimbikira kwambiri ndi ili: katundu wotengedwa pa nkhongole salowa kumanzere kwa tsamba la tsikulo. Ndalama simunaigwire. Amapita kumbuyo basi. Tsiku limene munthuyo wabweza, mumalemba kawiri: kutsogolo ngati ndalama yolowa, kumbuyo kuchotsera pa dzina lake.

Nali tsiku limodzi la mayi uja atayamba kulemba. M'mawa m'kabati munali K150. Zogulitsa za kashi zinakwana K820, ndipo munthu wina anabweza K100 ya nkhongole yakale. Zonse ndi K1,070. Zotuluka: K120 yooda mabanzi, K40 ya wanjinga amene anabweretsa makireti, ndi K70 imene mayi anatenga kukagula ndiwo. Zonse K230. Choncho m'kabati munayenera kukhala K840. Atawerenga anapeza K790. Uku ndiko kubalansa, kuyerekeza zimene kope likunena ndi zimene dzanja lagwira. K50 inasowayo inapezeka usiku womwewo: mwana anali atapereka botolo la saladi pa nkhongole n'kulilemba ngati lagulidwa kashi. Pakanapita sabata, palibe akanakumbukira, ndipo mwanayo akanatchedwa wakuba.

Taonani K70 ya ndiwo ija. Apa ndi pamene amuna ndi akazi omwe amandikwiyira. "Ndilembe bwanji ndalama yanga?" Lembani. Palibe akukuletsani kudya za m'kantemba kanu, koma shuga wopita kunyumba, ndalama ya chigayo, ya chopereka pamaliro, ya chilimba, zonse zimatuluka pa khomo limodzi ndi mpamba. Nthawi zambiri ndikawerengera mwezi wathunthu, wankhongole wamkulu kuposa onse amapezeka kuti ndi mwini kantemba. Zimenezi zipatseni chizindikiro chake, kaya chilembo N cha nyumba, kuti pakutha pa mwezi muone ngati mukudya phindu kapena mwayamba kudya mpamba.

Za pafoni nazo zimasokoneza. Wina akalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndalamayo siili m'kabati, ndiye mukaiphatikiza ndi kashi, madzulo mudzapeza kuti zaperewera. Ipatseni kadanga kake pambali, ndipo musalembe musanaone uthenga pafoni yanu, osati pa yake.

Zina mwachangu. Lembani ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi kuti zakale zizioneka. Lembani munthu akuona, mumuwerengere chotsala mokweza. Pa nkhongole yokulirapo asaine kapena adinde chala. Nkhani ikafika kwa anduna a mfumu kapena ku khoti la lokolo, tsamba lotere lingakuthandizeni, ngakhale sindingalonjeze kuti lokha lidzakupambanitsani. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa giredi 6 angathe, bola inu muziwerenga ndalama nokha. Ikani malire a munthu aliyense. Kwa kantemba ka mpamba ngati uja ine ndimati K100, ndipo nkhongole zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mpamba, koma awa ndi maganizo anga, si lamulo, ndipo wogulitsa pafupi ndi sukulu kumene anthu amalandira pamwezi angathe kupitirirako pang'ono.

Kope la tsiku ndi tsiku silikuuzani phindu lenileni. Pa zimenezo muyenera kuwerenga sitoko kamodzi pamwezi, pa mtengo woodera osati wogulitsira, n'kuphatikiza ndi ndalama za m'kabati, za pafoni ndi nkhongole zimene mukukhulupirira kuti zidzabwera, n'kuchotsapo nkhongole zimene inunso muli nazo kwa a holoselo, kenako muwonjezere zimene mwatenga za kunyumba mwezi umenewo n'kuyerekeza ndi zimene munapeza mwezi watha. Nkhongole imene yadutsa nyengo yogulitsa mbewu osabwezedwa musaiwerengere pamenepo.